Zovala za Madzulo: Nsalu Imene Udzudzu Sungaboole

M'nyengo ya dzinja, dzuwa likangolowa, pabwalo pamayamba kumveka kaphokoso kamene tonse tikukadziwa. Mayi akuvundula nsima pa mbaula, koma dzanja lina latsika kukamenya pa kakolo. Ana akhala pamphasa akukanda misongolo. Bambo ali pa mpando, wailesi pambali, akugwedeza miyendo ngati akuvina. Neti ilipo, koma ili m'chipinda, ndipo palibe amene alowemo mpaka ikwane 9 koloko kapena kupitirira apo. Maola atatu amenewa munthu amakhala pamtetete, ndipo chimene chili pakati pa khungu lake ndi udzudzu ndi chovala chokha.

Pali enanso amene sagona mu neti n'komwe usiku wonse: alonda, asodzi a usipa amene amachezera panyanja ndi nyali, olondera mbewu kumunda, ndi tonsefe tikamachezera pasiwa. Udzudzu wofalitsa malungo, umene akatswiri amautcha anofelesi, umaluma kwambiri pakati pa usiku mpaka mbandakucha, n'chifukwa chake neti ilibe choilowa m'malo. Komabe umayamba kusaka kukangochita mdima, ndipo munthu wolumidwa kamodzi kokha ndi udzudzu wonyamula tizilombo akhoza kudwala. Nkhani ino ikunena za maola amene neti siingathandize.

Mlomo wa udzudzu

Kuti timvetse nsalu, tiyambe taona chida chimene chimaiboola. Udzudzu umene umaluma ndi waukazi wokha, chifukwa umafuna magazi kuti mazira ake akhwime. Chimene timaona chitasongoka kumutu kwake si singano imodzi ayi. Chakunjacho ndi m'chimake chabe, ndipo m'kati mwake muli timasingano tisanu ndi kamodzi tomangana pamodzi. Tina timacheka khungu ngati sowo, kena kamalavulira malovu oletsa magazi kuundana, kena n'kumakoka magaziwo. M'malovu amenewo ndi mmene mumadzera tizilombo ta malungo. Udzudzu ukamaluma, m'chimake muja mumapindika n'kutsala kunja, timasingano tokha n'kulowa.

Pali zinthu ziwiri zofunika kuzisunga za mlomo umenewu. Choyamba, ndi wowonda kuposa tsitsi la munthu, kotero umadutsa pa kabowo kamene diso silingaone bwino. Chachiwiri, ndi waufupi: kutalika kwake ndi pafupifupi mamilimita awiri, ngati kunenepa kwa kamtengo ka machesi. Udzudzu sung'amba ulusi. Umayenda pa nsalu ukufufuza mpata pakati pa ulusi ndi ulusi, ukaupeza n'kulowetsa mlomo. Ngati khungu lili pafupi, waluma. Ngati lili patali kuposa mamilimita awiri aja, umabwerera ndi njala.

Aliyense amene anagonapo mu neti anaziona kale zimenezi. Mabowo a neti ndi aakulu kwambiri poyerekeza ndi mlomo wa udzudzu; amangotchinga thupi lake. Mukagona pakati pa bedi simulumidwa, koma mukatsamiritsa chigongono pa neti mumadzuka chili ndi timatuza. Neti ndi yomweyo, chasintha ndi mtunda. Chovala chimagwiranso ntchito mwa njira yomweyi. Chimateteza ngati mabowo ake ndi aang'ono kwambiri moti mlomo sungalowe, kapena ngati nsaluyo ndi yochindikala kapena yatalikirana ndi khungu moti mlomo ukalowa sufika. Mu 2021 akatswiri a nsalu ndi a tizilombo a ku yunivesite ya North Carolina State, ku America, anasonyeza kuti poyang'ana kukula kwa mabowo ndi kuchindikala kwa nsalu basi, n'zotheka kupanga zovala zimene udzudzu sungalume modutsa, popanda mankhwala alionse.

Yowomba ndi yoluka

Nsalu zimene timavala zili m'magulu awiri. Pali yowomba, imene ulusi wake umapingasana, wina choimirira wina chopingasa, monga mmene nsungwi zimakhalira pa lichero. Chitenje, shati ya kolala, yunifolomu ya sukulu, jinzi ndi ovolosi ndi nsalu zowomba. Ndiye pali yoluka, imene ulusi wake umakolana ngati timaunyolo, monga juzi yoluka ndi manja. Tisheti, masokosi, majezi a mpira ndi mabuluku othina otanuka amene atsikana ambiri amakonda masiku ano ndi nsalu zoluka. Kuzisiyanitsa n'kosavuta: ikokeni. Yowomba imakana, yoluka imatanuka.

Kutanuka kumeneko ndiye vuto lake. Nsalu yoluka ikakokeka, timaunyolo tija timayasama, mabowo n'kukula, ndipo nsaluyo imapyapyala n'kumamatira pa khungu. Zonse ziwiri zimene udzudzu umafuna, mpata ndi kufupika, zapezeka nthawi imodzi. Munthu wovala buluku lothina lotanuka amaoneka kuti wabisa miyendo yonse mpaka kukakolo, koma kwa udzudzu ali ngati sanavale.

Mukakhala pa kaunjika, pali mayeso awiri osalira ndalama. Tengani chovalacho, muyang'anitse kumene kuli dzuwa, nsalu imodzi yokha osati yopinda. Ngati mukuona timadontho ta kuwala tambirimbiri ngati pa sefa, mabowo ake ndi aakulu. Ngati kuwala kukungodutsa mwachimbuuzi popanda timadontho, ulusi wake ndi wothinana. Kenako ikokeni pang'ono ndi manja awiri, muyang'anenso. Nsalu ina imaoneka bwino ili phee, koma ikakokeka imatseguka, ndipo umo ndi mmene idzakhalire paphewa panu. Muyang'anenso m'mawondo, m'zigongono ndi kumatako, chifukwa chovala chakale chimayamba kupyapyala m'malo amenewa, ndipo ndi malo omwewo amene chimagunda khungu.

Si nsalu yowomba iliyonse imene ili yabwino. Mabulauzi opyapyala oonekera m'kati ndi owomba, koma ulusi wake ndi wotalikirana. Ndipo nsalu yothinana ulusi ikhoza kugonjabe ngati yasokedwa mothina thupi. Ine ndikasankha, ndimatenga shati yowomba yokulirapo saizi imodzi kusiyana ndi yanga, chifukwa mpweya umene umatsala pakati pa nsalu ndi khungu umateteza kuposa mmene anthu amaganizira, komanso umachepetsa kutentha.

Yambirani kumapazi

Tikamva za kudziteteza ku udzudzu, ambiri timaganiza za malaya a manja aatali. Ndi ofunika ndithu, koma anofelesi wa kuno ku Africa amakonda kuuluka chapansi, ndipo kwa munthu amene wakhala kapena waimirira amaluma kwambiri kumapazi ndi mu akakolo. Chimene chimamukoka ndi fungo lopangidwa ndi tizilombo tating'onoting'ono tokhala pa khungu la mapazi. Katswiri wa ku Netherlands, Bart Knols, ndi mnzake Ruurd de Jong, anapeza m'zaka za m'ma 1990 kuti udzudzu umenewu umakopekanso ndi tchizi cha ku Ulaya chotchedwa Limburger, chimene fungo lake limafanana ndi la mapazi, popeza tizilombo topangira tchizicho ndi apachibale a tija ta pakhungu.

Tanthauzo lake ndi loti munthu wovala shati ya manja aatali, buluku lalitali, koma kumapazi patapata, watseka mazenera n'kusiya chitseko pululu. Madzulo, nsapato yotseka ndi sokosi zimabwera patsogolo pa china chilichonse. Sokosi nayonso ndi nsalu yoluka, ndipo yopyapyala ikakokeka pa fupa la kakolo udzudzu umaluma modutsa. Yofunika ndi yochindikala, kapena ziwiri zophatikiza. Miyendo ya buluku ilowe m'kati mwa sokosi, kuti pa kakolo pakhale nsalu ziwiri ndiponso udzudzu usakwere kudzera kunsi. Kusamba mapazi ndi sopo dzuwa likamalowa, ndi kusavala sokosi za dzulo, kumachepetsako fungo lija, ngakhale sikulithetsa.

Chitenje chili ndi ubwino wake ndi polekezera pake. Ndi nsalu yowomba, ndipo chikamangidwa pamwamba pa siketi kapena diresi pamakhala nsalu ziwiri kapena zitatu. Koma kunsi n'kotsegula, ndipo mayi akakhala pa mpando chimakwera n'kusiya akakolo poyera, kwinaku chitakokeka pantchafu. Amayi pasiwa amadziwa kale njira yake: amakhala pamphasa atatambasula miyendo, n'kufunditsa chitenje china mpaka kuphimba zala za kumapazi. Chongowonjezera n'chakuti chitenjecho chisakokedwe mwamphamvu pa zala ndi pa mawondo, chikhale chotayirira, ndipo m'mphepete mwake mupindidwire pansi pa miyendo.

Za mtundu wa chovala tinene mwachidule. Udzudzu umakopeka ndi zinthu zakuda kuposa zowala, kotero zoyera, zotuwa ndi za khaki zili bwino, komanso pa nsalu yowala udzudzu ukatera mumauona. Koma mtundu ndi nkhani yaing'ono: jinzi yakuda yotakasuka imateteza kuposa tisheti yoyera yothina. Okhala pafupi ndi nkhalango za Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza ali ndi chifukwa china chopewera zakuda ndi zabuluu masana, chifukwa mitundu imeneyi imakoka ntchentche za kashembe zofalitsa kaodzera.

Nsalu zonyikidwa m'mankhwala

Pali mankhwala amene amaikidwa pa chovala, osati pa khungu, otchedwa pemetirini. Pa botolo dzinali amalilemba kuti permethrin. Anapangidwa ku England kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 potengera mankhwala achilengedwe a m'maluwa a pairetiramu, amene amalimidwa ku Kenya, Tanzania ndi Rwanda. Ali m'banja limodzi ndi mankhwala amene amaikidwa m'maneti. Sagwira ntchito ndi fungo lothamangitsa udzudzu uli patali. Udzudzu umayenera kutera pa nsaluyo, mankhwala n'kulowa kudzera m'miyendo yake n'kusokoneza mitsempha, ndiye umanyamuka msanga ngati waponda moto, kapena kugwa. Chotsatira chake n'chakuti shati yonyikidwa siiteteza bwino khosi kapena dzanja limene lili poyera pambali pake.

Zovala zoterezi zimabwera m'njira ziwiri. Zina zimanyikidwa kufakitale, mankhwala n'kumangiriridwa ku ulusi, ndipo opanga ena amalonjeza kuti mphamvu imakhalapo mpaka kuchapa ka 70. Asilikali a mayiko angapo amavala mayunifolomu otere. Njira ina ndi yopopera nokha ndi pemetirini wa mphamvu ya 0.5 peresenti wopangidwira zovala, amene amatha pakadutsa milungu isanu ndi umodzi kapena kuchapa kasanu ndi kamodzi. Popopera, chovalacho chimapachikidwa panja pamene mphepo siikuwomba kwambiri, osati chili pathupi. Botolo likhale masentimita 15 kapena 20 kuchokera pa nsalu, ndipo mupopere mbali zonse ziwiri mpaka nsalu ichite chinyezi koma osadontha. Musamale kwambiri m'mphepete mwa miyendo ya buluku, kumapeto kwa manja, kolala ndi masokosi. Chiume pamthunzi kwa maola awiri kapena anayi musanachivale. Zovala za m'kati sizipoperedwa. Mankhwalawa akadali onyowa ndi oopsa kwa amphaka, ndipo amapha nsomba ndi njuchi, choncho zotsala ndi madzi otsukira zisathiridwe mu mtsinje kapena m'dziwe la nsomba. Zovala zonyikidwa zizichapidwa pazokha.

Apa ndiyenera kunena mosabisa mawu. Mankhwala opopera thonje, a mbewu za kudimba, a m'nkhokwe ndi osambitsira ng'ombe si a zovala, ngakhale dzina lake litamveka mofanana. Mphamvu yake ndi yaikulu kwambiri, amasungunulidwa ndi zinthu zowotcha khungu, ndipo ena ndi a banja lina limene limalowa m'thupi kudzera pa khungu n'kupha munthu. Ngati pa botolo sipanalembedwe kuti ndi a zovala, asafike pa chovala, makamaka cha mwana.

Kodi nsalu zonyikidwa zimachepetsadi malungo? Umboni ulipo wa mbali zonse ziwiri. Pa kafukufuku amene anafalitsidwa mu 1999, m'misasa ya anthu othawa kwawo a ku Afghanistan omwe ankakhala ku Pakistan, nsalu zofunda ndi mashiti zitanyikidwa mu pemetirini, malungo anatsika ndi 64 peresenti mwa ana osapitirira zaka khumi. Kafukufuku amene akutikhudza kwambiri ndi wa ku Kasese, kumadzulo kwa Uganda, amene anafalitsidwa mu 2025. Kumeneko amayi amabereka ana ndi nsalu monga timachitira ndi chitenje. Amayi 400 a ana a miyezi 6 mpaka 18 anapatsidwa nsalu zoberekera, theka zonyikidwa mu pemetirini, theka m'madzi chabe, ndipo ankazinyikanso mwezi uliwonse. Mabanja onse ankagonabe mu neti. Pa miyezi isanu ndi umodzi, ana oberekedwa ndi nsalu zonyikidwa anadwala malungo mocheperapo ndi magawo awiri mwa atatu. Nsaluzo ankazinyika ndi ogwira ntchito yofufuzayo, ndi muyezo woyenera, osati amayi pawokha kunyumba. Koma ku Thailand, atayesa kunyika mayunifolomu a ana a sukulu pofuna kuchepetsa matenda a dengi, mankhwala anasuluka atangochapa kangapo, ndipo matendawo sanachepe. Kuchapa pafupipafupi, kuyanika padzuwa lamphamvu ndi kusita ndi simbi yotentha zonse zimafooketsa mankhwalawa.

Pali malire enanso. Udzudzu wa m'madera ambiri a Malawi, makamaka mtundu wa anofelesi wotchedwa funesitasi, unazolowera mankhwala a banja limeneli moti sufa msanga. Izi zinapezeka pachilumba cha Likoma, ku Chikwawa ndi kwina, ndipo n'chifukwa chake maneti ena ogawidwa m'zaka zaposachedwapa amakhala ndi mankhwala achiwiri owonjezera. Choncho pemetirini ndi wowonjezera pa nsalu yabwino. Sangasandutse tisheti yothina kukhala chishango.

Mlonda wa ku Nchalo

Titenge bambo amene amalondera sitolo ku Nchalo, kuchigwa cha Shire, m'mwezi wa Januwale. Amayamba ntchito 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa, ndipo nthawi yaitali amakhala pa mpando wapulasitiki pakhonde. Kunja n'kotentha ngakhale usiku, minda ya nzimbe ndi zithaphwi zili pafupi. Amavala tisheti, buluku la yunifolomu lomuthina pang'ono, ndi nsapato zopanda sokosi, zimene amavula pakati pa usiku kuti mapazi apume.

Asanagule kalikonse, ayambe waona pamene akulumidwa. M'mawa akamasamba, awerenge malo oyabwa: akakolo onse awiri, pamwamba pa mapazi, kumbuyo kwa ntchafu, pamapewa, ndi kumbuyo kwa khosi. Malo aliwonse akunena chake. Akakolo ndi mapazi akunena za sokosi ndi kuvula nsapato kuja. Kumbuyo kwa ntchafu kukunena za buluku limene limakokeka akakhala, ndi mabowo a mpando amene udzudzu umadzera kuchokera pansi. Mapewa akunena za tisheti imene yanyowa ndi thukuta n'kumamatira, pakuti nsalu yonyowa imataya mtunda uja. Khosi likunena za kusowa kwa kolala.

Ndalama zake zoyamba zipite ku masokosi ochindikala, mapeyala awiri kapena atatu kuti azisinthanitsa. Nsapato isavulidwe, ngati mapazi atentha, amasule zingwe. Kenako buluku lowomba lotakasuka, la nsalu ngati ya ovolosi, lalitali moti akakhala pansi silikwera kupitirira kakolo. Ayeseretu pogula: akhale chonjuta, aone ngati angatsine nsalu yotsala pantchafu ndi pabondo. Ngati palibe chotsina, ndi lothina. Pa mpando ayale thumba lopinda kapena katoni, kutseka mabowo aja. Kumtunda avale shati ya thonje yowomba, ya manja aatali, yokulirapo, mabatani a m'manja atamanga ndi kolala ataimika, ndipo aipisire m'buluku kuti msana usatseguke akawerama. Ngati m'kati avala vesiti yopyapyala, imamwa thukuta ndipo shati yakunja imakhala youma, yosamatira.

Kutentha ndi kumene kumagwetsa anthu ambiri pa dongosolo lotere. Jekete la nayiloni limatchinga udzudzu bwino kwambiri, koma ku Nchalo munthu sangalipirire ola limodzi. Amalivula n'kutsala ndi vesiti, ndipo zikatero wabwerera pambuyo kuposa poyamba. Chovala chothandiza ndi chimene angathe kukhala nacho mpaka 4 koloko m'mawa, nthawi imene tulo tamulemera ndipo udzudzu wachuluka. N'chifukwa chake thonje lotakasuka limaposa nayiloni kumalo otentha, ngakhale mabowo ake ali okulirapo pang'ono.

Zikatero patsala nkhope, khosi ndi zikhatho. Apa mpamene pamafunika mankhwala odzola othamangitsa udzudzu, monga okhala ndi DEET wa 20 kapena 30 peresenti, opakidwa pa khungu loonekera lokha, kupewa maso ndi milomo, ndi kubwereza pakapita maola amene alembedwa pa botolo. DEET amasungunula mapulasitiki ena, kotero asagwire galasi la wotchi kapena foni ndi manja onyowa nawo. Ngati abwana ake angapeze pemetirini wa zovala, malo oyamba kupopera ndi masokosi ndi miyendo ya buluku, ndipo alembe tsiku pa kalendala kuti adziwe nthawi yobwereza, popeza mankhwalawa akauma alibe fungo kapena mtundu wosonyeza kuti akadalipo.

Pakatha sabata, awerengenso malo oyabwa. Ngati akakolo ali bwino koma pamapewa pakuyabwabe, shatiyo ndi yothina kapena yapyapyala, asinthe. Ngati udzudzu wayamba kutera pa buluku lopoperedwa n'kumayenda mosatekeseka m'malo monyamuka msanga, mankhwala atha kapena udzudzu wa kumeneko suwamva. Akumbukirenso kuti anofelesi amauluka mwakachetechete, ndipo mwa anthu ozolowera kulumidwa nthawi zina sasiya chotupa chilichonse, choncho kusowa kwa zoyabwa si umboni wokwanira. Malungo amaonekera pakapita sabata imodzi kapena iwiri chilumidwireni. Thupi likatentha, mutu kuwawa, kapena kuphwanya m'thupi, apite kuchipatala tsiku lomwelo akayezetse magazi, ngakhale atavala bwino usiku uliwonse.